MRI yaonetsa kuti disiki ikupana mtsempha kumsana: kodi ndiye kuti opaleshoni basi?

*Adokotala, ndili ndi zaka 38. Masabata asanu apitawo ndinamva kuwawa m'chiuno nditatsitsa matumba a feteleza m'galimoto. Patatha masiku atatu ululu unatsikira mwendo wakumanzere, kuchokera m'thako, kuseri kwa ntchafu, m'katumba mpaka ku kachala kakang'ono. Ndikayetsemula umalasa ngati magetsi. Ndinajambulitsa MRI ndipo pa lipoti analemba kuti: "L5-S1 left paracentral disc extrusion compressing the left S1 nerve root. L4-L5 mild disc bulge. Disc desiccation." Sindikumvapo kanthu. Kodi ndipuwala? Kodi popanda opaleshoni sindingachire?*

Pepani ndi ululuwo, bambo, koma mtima ukhale m'malo. Mwa zimene mwalembazi palibe chosonyeza kuti mukupuwala, ndipo anthu ambiri amene lipoti lawo limawerengeka chonchi amachira osapita kutebulo la opaleshoni. Ambiri amayamba kupezako bwino pakati pa masabata 6 ndi 12. Pali zizindikiro zingapo zimene zimasintha nkhani yonse, ndizitchula kutsogoloku, koma tiyambe tamasulira pepalalo.

Kumunsi kwa msana, dera limene timangoliti m'chiuno, kuli mafupa asanu osanjikizana. Achipatala amawawerenga kuchokera kumwamba kutsika, L1 mpaka L5. Pansi pa L5 pali fupa lalikulu lolumikizana ndi mafupa a chiuno, ndipo chigawo chake choyamba ndi S1. Pakati pa fupa ndi fupa pali disiki. Ntchito yake ili ngati ya nkhata pamutu pa mayi wosenza ndowa: kulandira kulemera kuti zolimba ziwiri zisakhulane. Ngakhale mapangidwe ake akufanana ndi nkhata, chifukwa kunja kwake ndi mizere ya ulusi wolimba yozungulirazungulira. Kusiyana kwake n'koti pakati pa disiki si pabowo, pali chinthu chofewa, chamadzimadzi, chonga phala logwirana. Disiki imatchulidwa ndi mayina a mafupa awiri amene yakhala pakati pawo. Choncho L5-S1 ndi disiki yotsiriza kumunsi, ndipo L4-L5 ndi yapamwamba pake. Ziwirizi ndi zimene zimasenza katundu wambiri komanso kupindika kwambiri munthu akawerama, n'chifukwa chake pafupifupi 9 mwa 10 alionse a mavuto otere m'chiuno amachitikira pamenepa.

Kuseri kwa mafupa ndi madisikiwa kuli mpata wonga paipi. M'menemo mumadutsa mitsempha yotumiza mauthenga pakati pa ubongo ndi miyendo, osati ya magazi ayi. Pano pali mfundo imene imayankha funso lanu la kupuwala. Chingwe chachikulu chochokera ku ubongo sichifika kumene kuli vuto lanu. Mwa munthu wamkulu chimathera cha pa L1 kapena L2. Kuchokera pamenepo kutsika, mumangokhala timitsempha tambiri tolendewera m'madzi ngati ubweya wa litchowa, ndipo pa fupa lililonse pamapatuka tiwiri, kena kumanja kena kumanzere. Kamene kapatukako ndi kamene timati muzu wa mtsempha. Disiki ya L5-S1 singapane chingwe chachikulu chija, chifukwa palibepo. Yanu yapana muzu umodzi wokha, wa mbali imodzi.

Tsopano mawu a pa lipoti. Amene amawerenga zithunzi amasiyanitsa mmene disiki yatulukira m'malo mwake. Akalemba "bulge" ndiye kuti disiki yangofutukuka pang'ono m'mbali mwake ngati tayala lochepa mpweya, chikopa chake sichinang'ambike. Akalemba "protrusion", mbali imodzi yatumphuka koma chofewacho chikadali chogwidwa. "Extrusion", imene yalembedwa kwa inu, ikutanthauza kuti chikopa chang'ambika ndipo chofewa chija chatulukira pamng'aluwo, monga zimachitikira mukafinya suku lakupsa. Chidutswa chikaduka n'kudziyendera pachokha amalemba "sequestration". Mawu oti "left paracentral" akunena malo: kumbuyo, pambali pang'ono pa pakati, chakumanzere. Disiki imakonda kung'ambikira pamenepo chifukwa pakati penipeni pali lamba wolimba woitchinga, koma m'mbali mwake lambayo ndi wopyapyala. Nanga "desiccation"? Ndi kuuma chabe. Disiki imataya madzi munthu akamakula, ndipo pa zaka zanu zimenezi n'zofala ngati imvi zoyamba.

Ngati anakupatsani zithunzi zenizenizo, mukhoza kudzionera nokha. MRI imajambula thupi m'magawomagawo, ndipo pa msana timadalira mitundu iwiri. Woyamba umaonetsa msana chammbali, ngati chikuni chowazidwa chamlitali. Sankhani zithunzi zolembedwa T2, zimene madzi amaoneka oyera. Muona mafupa ngati njerwa zosanja, ndipo kuseri kwake mzere woyera wa madzi a mu mpata uja. Disiki yathanzi imaoneka yoyererako pakati, youma imaoneka yakuda. Werengani kuchokera pansi: disiki yomaliza, pamene msana wayamba kukhotera kumbuyo, kawirikawiri ndiyo L5-S1, ndipo pamenepo muona kachotupa kakuda kakulowerera mu mzere woyera uja. Mtundu wachiwiri umadula mopingasa, ngati mmene timadulira nzimbe. Apa disiki imaoneka yozungulira, ndipo pansi pake pali kathumba koyera kokhala ndi timadontho totuwa, timene ndi timitsempha tija. Yerekezani mbali ziwirizo. Kumene kuli bwino muzu umaoneka ngati kadontho kozunguliridwa ndi mafuta owala, pamene kumene kwapanidwa kadonthoko kamakankhidwira kumbuyo, kuphwatalala kapena kusaoneka n'komwe. Chenjerani ndi chimodzi chimene chimasokoneza ambiri: pa zithunzi zopingasazi, kumanzere kwa wodwala kumakhala kudzanja lamanja la amene akuyang'ana. Mukaona chotupa kumanja kwa chithunzi musaganize kuti anakusinthirani ndi za munthu wina.

Koma chithunzi pachokha sichiweruza mlandu. Mu 1994 ku America anajambula MRI anthu 98 amene sankamva kupweteka msana ngakhale pang'ono. Oposa theka anapezeka ndi disiki yofutukuka, ndipo woposa pang'ono mmodzi mwa anayi alionse anali ndi yotumphuka. Ndiye dokotala akalandira lipoti, funso lake loyamba limakhala lakuti: kodi zimene zili pa chithunzi zikugwirizana ndi zimene mwendo ukunena?

Muzu uliwonse uli ndi njira yake m'mwendo. Wa S1 umayenda kuseri kwa ntchafu, m'katumba, m'mphepete mwa phazi chakunja mpaka ku kachala kakang'ono, ndipo ndiwo umapatsa mphamvu yonyamphira, kuima ndi zala. Wa L5 umadutsa cham'mbali mwa mwendo, pamwamba pa phazi mpaka ku chala chachikulu, ndipo umathandiza kutukula phazi ndi chalacho. Wa L4 umamvekera kutsogolo kwa ntchafu, pabondo ndi mkati mwa msongolo. Kwa inu zonse zitatu zikuloza pamodzi: mbali ndi yakumanzere, msinkhu ndi L5-S1, njira ya ululu ndi ya S1. Apa tinganene molimba mtima kuti wolakwa wapezeka. Kufutukuka kwa pa L4-L5 kuja ndi mboni yongodutsa, musataye nako tulo. Ululu wanu ukanakhala kumanja, kapena ukanangokhala m'chiuno osatsika kupitirira bondo, ndikanakayikira ngati chidutswacho ndicho chikukuzunzani, ndipo kuchichotsa sikukanathandiza kwenikweni.

Dokotala amatsimikiza zimenezi ndi manja, mumphindi zochepa. Amakugonekani chagada n'kutukula mwendo wowongoka. Ululu ukalasa kutsikira kumunsi kwa bondo mwendo uli pakati pa madigiri 30 ndi 70, ndiye kuti muzu ukukokedwa pa chotupacho. Amagogoda ndi kanyundo pa mtsempha wa kuseri kwa chidendene, ndipo kwa munthu wa S1 phazi nthawi zambiri silidzidzimuka monga linzake. Kenako amayesa mphamvu. Ziwiri mwa zoyesazi muzichita nokha kunyumba kamodzi pa masiku awiri kapena atatu. Gwirani khoma, imani ndi mwendo umodzi, nyamphirani kakhumi, kenako chitani chimodzimodzi ndi mwendo winawo n'kuyerekeza. Mukatero yendani ndi zidendene zokha masitepe khumi, zala zili m'mwamba. Lembani tsiku ndi chiwerengero chake pa kapepala. Kapepala kameneko kadzamuuza dokotala wanu zambiri kuposa MRI yachiwiri.

Mwina mukudabwa kuti chinthu chotuluka kale chingachire bwanji popanda kuchibwezera. Sichibwerera mkati, ndipo aliyense wokulonjezani kuti achikankhira m'malo mwake ndi zala kapena ndi chidendene akukunamizani, chifukwa chili mkati kuseri kwa minofu ndi fupa. Chimene chimachitika n'china. Choyamba, ululu wambiri suchokera ku kupanidwa kokha. Chofewa cha mkati mwa disiki chikakhudza mtsempha chimauyabwa, mtsemphawo n'kutupa n'kukwiya, ndipo kutupako kumatha kuphwa m'masabata ochepa ngakhale chidutswacho chikadalipo. Chachiwiri, chidutswa chimene chatulukira kunja thupi limachiona ngati chachilendo. Chimataya madzi n'kufota, ndipo asilikali a m'thupi amachidya pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo. Chodabwitsa n'chakuti zidutswa zotulukiratu, zimene zimaopsa kwambiri pa chithunzi, ndi zimene zimafota kawirikawiri kuposa disiki yongofutukuka. Choncho mawu amene akuopsezani kwambiri pa lipotilo ali ndi mbali yake yabwino.

Pa masabata amene atsalawa ntchito yanu ndi kuchepetsa ululu kuti muziyenda. Kugona tsiku lonse kumaumitsa msana n'kufooketsa minofu, ndiye ngati kwavuta kwambiri gonani tsiku limodzi kapena awiri basi. Yendani pamalo osalala mphindi 5 mpaka 10, katatu kapena kanayi patsiku, n'kumawonjezera pang'ono masiku akamapita. Chimene chimapweteka kwambiri disiki yotere ndi kukhala pansi nthawi yaitali msana utapindika, makamaka pa mpando waufupi, pa sofa yobira kapena pa mpando wakumbuyo wa minibasi mumsewu wa mabampu. Musapitirire mphindi 20 kapena 30 musanaimirire. Pogona, gonani chammbali mutaika pilo pakati pa mawondo, kapena chagada pilo ali pansi pa mawondo. Matumba a makilogalamu 50, khasu ndi ndowa ya malita 20 zidikire kaye. Choopsa kwambiri ndi kuwerama mutanyamula chinthu kenako n'kupotoloza thupi, zimene ndikukhulupirira kuti ndi zimene zinachitika potsitsa feteleza uja, ngakhale disikiyo iyenera kuti inali itayamba kale kufooka. Mukayetsemula, imirirani n'kuweramira kumbuyo pang'ono, musapindikire kutsogolo. Ngati mumasuta fodya, dziwani kuti amachepetsa chakudya chofika ku disiki.

Pali njira yosavuta yodziwira ngati zimene mukuchita zikuthandiza. Musayang'ane kukula kwa ululu kokha, yang'anani kumene ukufika. Ululu ukamachoka ku phazi n'kumathera m'katumba, kenako m'ntchafu, kenako m'thako, ndiye kuti mukuchira, ngakhale chiuno chitawawa kuposa kale. Ukamatsikira kumunsi kuposa kumene umafika, chimene mwachitacho chisiyeni. A fiziyo amagwiritsa ntchito muyeso womwewu posankha mafizo. Ambiri a vuto ngati lanu amapeza mpumulo akagona chafufumimba n'kudzuka ndi zigongono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, koma si onse, n'chifukwa chake ndi bwino kuti woyamba kukuyesani akhale wa fiziyo. Kukoka mwendo mwamphamvu pofuna kuwongola mtsempha panthawi ino kumangouputa.

Pa mankhwala, amene amaperekedwa kawirikawiri ndi ochepetsa kutupa monga bulufeni, mamiligalamu 400 mpaka katatu patsiku mutadya, kwa sabata imodzi kapena ziwiri, osati miyezi. Cholakwa chimene chimachitika kwambiri ndi kuphatikiza bulufeni, indosidi ndi dayikilofenaki poganiza kuti ndi mankhwala osiyana. Onsewa ndi a banja limodzi, ndipo kuwaphatikiza sikuwonjezera mpumulo, kumangowonjezera ngozi ya zilonda za m'mimba ndi kuwonongeka kwa impso. Ngati munadwalapo zilonda za m'mimba, muli ndi vuto la impso, mtima, kuthamanga kwa magazi, shuga, kapena mumamwa mankhwala otalikitsa moyo, muuzeni dokotala musanayambe. Chimbudzi chikada ngati phula, siyani pomwepo n'kupita kuchipatala. Panado mungawonjezere, mapiritsi awiri a mamiligalamu 500 osapitirira kanayi patsiku, ngakhale payekha sachita zambiri pa ululu wa mtsempha. Oziziritsa ululu amphamvu monga tiramado amazolowereka m'thupi ndipo amamanga m'mimba, pamene kukankha m'chimbudzi kumautsa ululu womwewo. Kumene kuli akatswiri ake, kuli jakisoni wobayidwa pafupi ndi muzu wotupawo. Amatha kupatsa mpumulo wa masabata angapo, koma sachotsa chidutswacho. Kunyumba ena akuuzani kuti ndi nyamakazi, mutemere mphini. Mphini za pa katumba sizifika pa gwero, chifukwa ngakhale ululu ukumvekera m'mwendo, mwendowo ulibe vuto.

Tsopano zizindikiro zija. Chidutswa chikakhala chachikulu n'kutsekera mpata wonse, chimapana timitsempha tonse ta litchowa lija nthawi imodzi, kuphatikizapo tolamulira chikhodzodzo ndi njira ya chimbudzi. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika nkhani yake ndi ya maola. Mukaona kuti mkodzo ukuvuta kuyamba, ukutuluka mofooka, simukuumva ukamatuluka kapena mwangopeza mwanyowa, pitani kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo, ngakhale pakati pausiku. Chimodzimodzi mukachita dzanzi kumaliseche, pakati pa miyendo kapena kozungulira kotulukira chimbudzi, moti podzipukuta simukumva bwino, kapena chimbudzi chikamatuluka osadziwa, kapena mphamvu ya abambo ikazimiririka mwadzidzidzi, kapena ululu ndi dzanzi zikalowa miyendo yonse iwiri. Musachite manyazi kunena zimenezi momveka pofika, chifukwa ndi mawu amenewo amene amachititsa kuti akuoneni msanga. Kuchedwa kungasiye munthu akuvutika ndi mkodzo moyo wake wonse.

Chachiwiri ndi kufooka kumene kukukulirakulira. Ngati sabata yatha munkanyamphira kasanu ndi kawiri, lero mukulephera ngakhale kawiri, kapena phazi layamba kukwakwaza pansi, patapata akuvuka yekha mukuyenda, kaonaneni ndi dokotala wa opaleshoni ya msana m'masiku omwewo. Dzanzi lochepa pa kachala kakang'ono limene silikufalikira si ladzidzidzi. Chachitatu ndi kutentha thupi, thukuta la usiku, kuwonda kosadziwika bwino, kapena ululu wa msana wosaleka ngakhale mutagona phee. Kwathu kuno chifuwa chachikulu cha mumsana si chachilendo, makamaka kwa amene chitetezo cha m'thupi chinatsika, ndipo amene anadwalapo khansa ayeneranso kutchula. MRI yanu ikanaonetsa zotere, koma zizindikirozi zikabwera pambuyo pake, kanenani.

Ngati palibe chilichonse mwa izi, opaleshoni imakhala chisankho chanu, osati chokakamiza. Imaganiziridwa pamene ululu wa mwendo ukukulepheretsani kugona ndi kugwira ntchito patatha masabata 6 mpaka 12 mukuchita zonse bwino. Kafukufuku wa ku Netherlands wofalitsidwa mu 2007 anayerekeza odwala ochitidwa opaleshoni msanga ndi ena amene anapitiriza kudikira. Ochitidwa msanga anapeza mpumulo mofulumira, koma pofika chaka chimodzi pafupifupi 95 mwa 100 alionse m'magulu onse awiri anali atachira, ngakhale kuti mwa odikirawo pafupifupi anayi mwa khumi anadzachitidwabe opaleshoni m'kati mwa chakacho. Tinganene kuti opaleshoni imagula nthawi. Kwa munthu amene banja lake limadya chifukwa cha msana wake, nthawi imeneyo si yaing'ono, ndipo sindingamunene amene wasankha kuchitidwa. Koma kupirira ululu woopsa kupitirira miyezi isanu ndi umodzi nakonso si nzeru, chifukwa mtsempha wopanidwa nthawi yaitali umachira movutikira.

Opaleshoni yakeyo si yaikulu monga anthu amaganizira. Amacheka masentimita awiri mpaka anayi kumsana, amatsegula kazenera kakang'ono pakati pa mafupa, amasuntha muzu mosamala n'kuchotsa chidutswa chotulukacho. Disiki yotsalayo amaisiya, ndipo pa vuto ngati lanu saika zitsulo. Imatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo ambiri amayenda tsiku lomwelo kapena mawa lake. Imachotsa bwino ululu wa mwendo, mwa anthu pafupifupi 8 kapena 9 mwa 10, koma kuwawa kwa m'chiuno siilonjeza, ndipo dzanzi limatha kutsala kwa miyezi kapena osatheratu. Zovuta zake zilipo: bala kulowa tizilombo, kathumba ka madzi a mumsana kubooka, zimene amasoka kapena kumata pomwepo, ndipo mwa apo ndi apo muzu kuvulala. Mwa anthu 5 mpaka 10 pa 100 alionse disiki yomweyo imadzatulutsanso chidutswa china, chifukwa mng'alu uja umatenga nthawi kuti utsekeke.

Popita kukaonana ndi dokotala tengani zithunzi zenizenizo, osati lipoti lokha, popeza wochita opaleshoni amafuna kudzionera yekha. Tenganinso kapepala kanu ka kunyamphira ndi mayina a mankhwala onse amene mwamwa. Ngati mukupezako bwino, palibe chifukwa cholipiriranso MRI ina kuti muone ngati chidutswacho chafota, chifukwa chithunzi chimachedwa kusintha kuposa mwendo, ndipo anthu ambiri ochira bwinobwino chimaonekabe. MRI yatsopano imafunika pokhapokha zizindikiro zasintha, kapena opaleshoni yakonzedwa pamene chithunzi chakale chatha miyezi ingapo. Inu muli pa sabata lachisanu. Ngati mkodzo uli bwino ndipo mphamvu ya phazi siikutsika, ndingakupatseni masabata ena atatu kapena anayi a kuyenda, mafizo ndi mankhwala, kenako mukaonedwenso, ndipo ntchito yonyamula zolemera mubwerereko pang'onopang'ono ululu wa mwendo utatha.